Kalata yopempha makolo mbeu, makasu ndi nthawi ya dimba la pasukulu: zomwe zinandichitikira

Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya boma mu komboni muno mu Lusaka, ndimaphunzitsa giredi 5, ndipo mu 2024 ahedi anandipatsa udindo woyang'anira dimba, ija timati pulodakishoni yuniti. Ndalemba izi chifukwa aphunzitsi anzanga angapo a masukulu ena akhala akundipempha kuti ndiwatumizireko kalata yomwe tinalembera makolo, manje ndaona kuti kungotumiza kalatayo popanda kufotokoza chimene chinatichititsa kuilemba choncho sikungathandize, pakuti kalata yoyamba ndinalemba ndekha ndipo inakanika, yachiwiri ndi imene inagwira ntchito.

Malo tinali nawo kuseri kwa makalasi, pomwe ana ankatayapo mapepala, dothi lake louma gwa komanso lamiyala monga mmene kulili mbali zambiri za Lusaka. Zida zinali makasu awiri, kuno timati kambwili, ndi keni imodzi yodontha. Ndalama zogulira zina panalibe. Ndiye ndinaganiza zolembera makolo a ana a giredi 5 ndi 6, makalasi anai, ana pafupifupi 240.

Kalata yoyambayo ndinailemba mchizungu monga timalembera makalata onse a sukulu. Inali yaitali, ndime zitatu zonse kufotokoza ubwino wa ndiwo zamasamba, kenako kumapeto ndinangoti tikupempha chithandizo chilichonse, kaya ndalama kaya katundu. Sindinalembe tsiku, sindinalembe kuti zinthu zikaperekedwe kwa ndani, ndinasaina ndekha nkupatsa ana Lachisanu. Patapita masabata awiri zomwe zinabwera ndi timapaketi titatu ta mbeu, khasu limodzi lopanda mpini, ndi atate ena omwe anafika mmawa ku ofesi ya ahedi kalata ili mmanja.

Atatewo sanakalipe ai, anangofunsa mwaulemu koma mau ake olemera. Anati aphunzitsi, boma linanena kuti kuyambira 2022 maphunziro ndi aulere, nanga ndalama iyi mwailowetsera pa zenera ndi ya chani, ndipo mwana wanga akapanda kubweretsa mumubweza? Apa ndi pomwe ndinazindikira cholakwa changa chachikulu. Kuyambira Januwale 2022 masukulu a boma mu Zambia anasiya kulipiritsa fizi pamodzi ndi ndalama zija za komiti ya makolo, ndiye kholo likaona liu loti ndalama pa pepala lochokera kusukulu limaganiza kuti fizi yabwerera ndi dzina lina. Ena amakwiya, koma ambiri amangokhala chete nkuika kalata pansi pa matilesi chifukwa alibe ndalamayo ndipo akuchita manyazi. Mwana mmodzi wa mkalasi mwanga anajomba masiku atatu, nditamufunsa anati amai anati usapite mpaka tipeze za dimba. Izi zinandipweteka kwambiri, mwana kuluza maphunziro chifukwa cha kalata yanga.

Tisanalembe yachiwiri ahedi anaitana apampando a komiti ya makolo, amai achikulire omwe amagulitsa ku maliketi, ndipo iwo ndi amene anandifunsa funso lomwe linasintha zonse. Anati a madamu, kodi mufuna makasu angati? Ndinalibe yankho. Anati ngati inuyo simudziwa chomwe mufuna, ife makolo tidziwa bwanji chobweretsa.

Ndiye ndinapita kukayeza malo aja ndi chingwe. Poyamba ndinkafuna mabedi 20, koma nditawerengera madzi ndinatsika kufika pa 12. Bedi lililonse mita imodzi mlifupi, mamita asanu mlitali, ndi kanjira pakati koti mwana adutse ndi keni osaponda mbeu. Bedi lotero nthawi yozizira, Juni ndi Julai, limamwa makeni awiri a malita 10 patsiku ngati mwaphimbira ndi udzu, ndiye mabedi 12 ndi malita 240 tsiku lililonse, pomwe dilamu lija lalikulu limalowa malita 210 chabe. Kukafika Okutobala madzi omwewo sakwana, pafunika kuthirira mmawa ndi madzulo. Ndipo kumbukirani chaka chimenecho, mvula inakanika mpaka boma linalengeza tsoka la chilala mu Febuluwale, madzi ku Kariba anatsika, malaiti ankapita maola ambirimbiri, ndiye pampu ya chitsime cha sukulu inkangodzaza thanki malaiti akabwera. Komanso tinali titangochoka mu kolera amene anachedwetsa kutsegulira masukulu mpaka Febuluwale, choncho ahedi ananeneratu kuti madzi a mthanki ayamba apita ku zimbudzi ndi kosamba mmanja, dimba lilandira otsala. Sindinawatsutse chifukwa ankanena zoona. Apa ndinaona kuti chinthu choyamba chopempha si mbeu, ndi madilamu awiri osungira madzi nthawi imene pampu ikuyenda.

Za mbeu nazo ndinawerengera ndipo ndinadabwa. Repu timabzala mizere iwiri pa bedi, mbande kutalikirana masentimita 30, ndiye bedi limodzi limatenga mbande 32 kapena kuposera pang'ono. Mabedi asanu ndi limodzi a repu ndi mbande pafupifupi 200. Kapaketi ka magalamu 10 ka repu kamakhala ndi njere zoposa 2,000, kutanthauza kuti kapaketi kamodzi kokha kakukwanira dimba lonse nkutsala zambiri. Koma mukalemba kalata yoti mbeu, zida kapena nthawi, pafupifupi aliyense amasankha mbeu chifukwa ndi yopepuka, umangopatsa mwana mthumba basi wathana nazo. Mumatsala ndi mulu wa mbeu opanda munthu wogaula dothi, opanda wothirira pa holide. Ichi ndicho chinthu chimodzi chomwe ndikufuna amene akulemba kalata yotere achigwire, kalata izikankhira makolo ku zomwe zikusowadi, ndipo pa dimba la sukulu zosowa kwambiri ndi madzi ndi manja a akuluakulu.

Kalata yachiwiri inali ya tsamba limodzi, mbali ina Chinyanja mbali ina chizungu, chifukwa mu komboni mwathu muli a Chibemba, a Chitonga, a Chilozi ndi ena, koma Chinyanja cha mtauni aliyense amamva, ndipo agogo omwe akulera adzukulu amatha kuwerengeredwa ndi mwana. Inasainidwa ndi ahedi ndi apampando a makolo, ndi chidindo cha sukulu, ine dzina langa linali pansi ngati wolandira katundu chabe. Mbali ya Chinyanja inali motere.

"Okondedwa makolo ndi olera ana a giredi 5 ndi 6. Ana anu ayamba dimba la ndiwo kuseri kwa makalasi, mabedi 12 a repu, tchayinizi, anyezi ndi bondwe. Kalata ino sitikupempha ndalama, ndipo chonde musapatse mwana ndalama ya dimba. Si mokakamiza. Palibe mwana amene adzabwezedwe, kulangidwa kapena kutchulidwa dzina chifukwa kwao sanabweretse kanthu.

Chomwe tikusowa kwambiri ndi anthu. Tikufuna akuluakulu 20 odzagaula ndi kupanga mabedi Loweruka likubwerali kuyambira 07:00 mpaka 09:00, ndipo amene amapemphera Loweruka angabwere Lachitatu kuyambira 15:00 mpaka 17:00. Tikufunanso makolo 14 okhala pafupi ndi sukulu oti adzathirire pa holide ya Ogasiti, aliyense tsiku limodzi pa sabata, mphindi 40.

Pa zida tikufuna madilamu awiri omwe simunalowepo mafuta kapena mankhwala, makasu 10, mapiki awiri, mareki atatu, makeni anai ndi wilibala imodzi. Mungapereke kapena kungobwereka. Chobwereka tidzalemba mbuku ndipo chidzabwezedwa Lachisanu lomaliza la temu ino. Khasu, piki ndi chikwakwa musapatse mwana, bweretsani nokha. Manyowa a nkhuku kapena a ng'ombe akhale owola, tikufuna masaka 12.

Pa mbeu tikufuna zochepa, repu, tchayinizi ndi anyezi mapaketi awiri awiri, akhale otseka ndipo deti yake isanathe. Mbeu za kumudzi monga bondwe, impwa, chibwabwa ndi therere tidzalandira ndi manja awiri, mutiuze dzina ndi chaka chimene munakolola.

Ndiwo zikakula, gawo lina ana omwe agwira ntchito adzatenga kunyumba, lina tidzagulitsa ndipo ndalama yake idzagulira mbeu ndi kukonzetsa zida, kaundula adzawerengedwa pa msonkhano wa makolo. Dulani kapepala kali pansipa mubweze ndi mwana pofika Lachinai."

Kapepala kapansiko kanali ndi dzina la mwana, kalasi, nambala ya foni, ndi timabokosi tochonga, ndidzabwera Loweruka, ndidzabwera Lachitatu, ndidzathirira pa holide, ndipereka chakuti, ndibwereka chakuti, ndipo bokosi lomaliza linati ulendo uno sindikwanitsa. Bokosi lomalizali aphunzitsi ena ankati tichotse poti tikupatsa anthu njira yothawira, koma apampando anakana, anati mwana aliyense akhale ndi kapepala kobweza, asamaoneke kuti uyu wabweretsa uyu sanabweretse. Ndipo timapepalato ana ankaponya mu katoni yotseka pakhomo, osati kupereka mmanja pamaso pa anzawo.

Mau oti kubwereka aja ndi amene anabweretsa zida. Mabanja ambiri mu komboni ndi a lenti, alibe dimba, koma khasu limodzi amakhala nalo la kamunda ka chimanga nthawi ya dzinja kapena lolambulira ngalande, ndipo munthu sangapereke khasu lake lokhalo. Koma kuyambira Meyi mpaka Okutobala limangokhala kuseri kwa chitseko, ndiye ukamuuza kuti lidzabwerera mvula isanagwe amavomera. Ife chida chilichonse chikafika tinkalemba nambala pa mpini ndi penti, nkulemba mbuku nambalayo, dzina la mwana, ndi mmene chafikira, ngati mpini uli wong'aluka tinkalemba pomwepo mwini wake akuona kuti mawa pasadzakhale mkangano. Zida zinkagona mu stolo ya ahedi, mwana wotenga khasu amalembedwa, pobweza amachongedwa. Ngakhale choncho khasu nambala 7 linasowa mu Julai, sitinadziwe kuti linatuluka bwanji. Ndalama yoyamba ya repu tinagula lina latsopano ndipo ndinakapereka ndekha kunyumba kwa agogo eni ake, chifukwa tinalonjeza pa pepala, ndipo nkhani ya chida chosabwezedwa imayenda mu komboni msanga kuposa kalata iliyonse.

Pa makalata 240 timapepala tinabwerera 97. Ena mwina kalata sinafike nkomwe, ana amaiwala mchikwama kapena amapangira ndege, choncho ndinajambulanso kalatayo nkuika pa gulu la makolo la WhatsApp, koma musadalire foni yokha chifukwa makolo ambiri omwe anabwera kudzalima anali a timafoni tating'ono ta mabatani. Omwe anachonga kuti abwera kudzagaula anali 31, omwe anafikadi masiku awiri aja pamodzi anali 19. Ena kunagwa maliro, ena anapeza pisiweki mmawa womwewo ndipo sungamuletse munthu kukafuna chakudya cha ana. Ndiye ngati mufuna anthu 20 musasiye kulandira maina akafika 20, komanso dzulo lake muwatumizire uthenga wowakumbutsa mmodzi mmodzi, ine ndinaona kuti omwe ndinawaimbira pafupifupi onse anabwera.

Za Lachitatu zija ndinaziika chifukwa cha mphunzitsi mnzanga wa Sabata yemwe anandikumbutsa kuti tikangoti Loweruka tatsekera kunja mabanja ambiri. Panalinso gulu lina lomwe sindinaliganizire, azimai ogulitsa ndiwo omwe amadzuka usiku kukaoda ku Soweto Maliketi, mmawa wa Loweruka ndiye nthawi yao ya malonda. Mmodzi analemba kuseri kwa kapepala kuti nthawi ndilibe koma masamba otsala ndi masaka ndili nazo. Amai amenewa ndi anzao awiri ankatitumizira masamba a kabichi ndi zinyalala za ndiwo zomwe akanataya, ndi zomwe tinapangira kompositi mdzenje, ndipo masaka aja tinatchingira nazale ku mphepo ndi nkhuku za aneba. Mu kalata yanu siyani mzere wopanda kanthu woti china chimene ndingathandize, anthu amadziwa zomwe ali nazo kuposa ife. Atate ena owotcherera zitsulo anatikonzera wilibala yomwe inabwera yothyoka mwendo, ndipo ndi atate omwe aja anabwera ndi kalata yoyamba ku ofesi.

Ntchito ya akuluakulu inali yofunika chifukwa dothi loti silinalimidwepo mwana wa zaka 11 sangaligaule, khasu limangodumpha. Tinathira madzi pang'ono madzulo ake kuti lifewe, azibambo anaphwanya ndi piki kuzama ngati masentimita 30, azimai ndi ana kumatola miyala, magalasi ndi mapulasitiki, ndipo zinatuluka mawilibala ambiri. Maola awiri atakwana ndinaimitsa ntchito ngakhale mabedi atatu anali asanathe, chifukwa ukalemba 09:00 nkuwasunga anthu mpaka masana ulendo wina sabweranso. Atatuwo anamalizidwa Lachitatu.

Manje za mbeu zomwe zinabwera. Ngakhale tinalemba kuti zochepa, zinabwera zodzaza beseni, zina mmapaketi, zina zomanga mu nyuzipepala, zina mu timabotolo ta mankhwala. Musabzale mbeu yopatsidwa musanaiyese. Ife tinkatenga njere 20 pa mtundu uliwonse, kuziika pa kansalu konyowa, kupinda, kuika mu pulasitiki osamanga kwambiri, nkusiya pa shelefu mkalasi, tsiku lililonse mwana amaona ngati nsalu ikadali yonyowa. Repu ndi tchayinizi zimaonetsa pa masiku asanu mpaka sabata, anyezi amachedwerapo, mpatseni masiku 10 kapena kuposa. Zikamera 16 kapena kuposa mbeuyo ili bwino, zikamera theka mufese mothinana, zikachepera apo musataye nayo madzi. Paketi ina ya anyezi yooneka yatsopano inamera njere zinai zokha pa 20, mbeu ya anyezi simakhalitsa, ikapitirira chaka mphamvu imatsika msanga makamaka ikasungidwa potentha. Tikanangofesa tikanadikira masabata atatu pachabe. Ana anakonda kuyesaku kuposa china chilichonse ndipo ndinaphunzitsirapo mafulakishoni.

Mbeu zina za mmapaketi zimakhala zopaka utoto wa pinki kapena wobiriwira, umenewo ndi mankhwala oteteza mbeu, ana asaike mkamwa ndipo asambe mmanja akamaliza kufesa. Kunabweranso njere za matimati zofinya ku matimati a ku maliketi. Sitinabzale, chifukwa ambiri mwa matimati amenewo ndi a haibulidi, ana ake satengera kholo, komanso matimati amafuna mankhwala pafupipafupi ndipo ine sindinafune mankhwala opopera pa dimba la ana. Chibwabwa ndi therere zinabwera zambiri kuchokera kwa agogo omwe anazitenga ku Chipata ndi ku Petauke, koma izi sizikonda kuzizira kwa Juni, zimangokhala osakula, ndiye tinaziika mmabotolo ouma otseka bwino nkulemba dzina, tinadzabzala kutayamba kutentha. Bondwe nayenso tinamudikiritsa mpaka kumapeto kwa Seputembala. Chofunika apa ndi kuwauza eni ake, apo ayi agogo amabwera kudzayendera dimba nkuona kuti mbeu yao palibe, amaganiza kuti mwainyoza poti ndi ya kumudzi. Ine ndinawaonetsa mabotolo aja ndi maina ao.

Pomwe tinapsa ndi pa manyowa. Kalata inati owola, koma liu limenelo aliyense amalimva mwake. Kholo lina loweta nkhuku za buloila linabweretsa masaka anai ongochotsa mkhola sabata yomweyo, ndipo tsiku limenelo ine ndinali mkalasi, anyamata anangothira pa mabedi awiri nkusakaniza. Titaokera mbande za repu, zomwe zinakhala mu nazale masabata anai, pa mabedi awiriwo zinafota pa masiku atatu, masamba kupsa mmbali ngati awauka ndi moto, pomwe mabedi ena zinadzuka bwinobwino. Ana ankati madzi achepa nkumaonjezera, koma vuto silinali madzi. Manyowa a nkhuku osawola amadziwika, amanunkha fungo lobaya mmphuno ngati mkodzo, ukapisa dzanja mkati mwa saka mumatentha, ndipo utuchi umaonekabe bwinobwino. Owola amakhala akuda, ozizira, ofumbutuka, fungo ngati dothi. Otsalawo tinawaunjika pakona, kuthira madzi, kuphimba ndi udzu ndi kumatembenuza pakapita masabata awiri, anadzagwira ntchito patatha miyezi iwiri ndi kanthu. Mabedi awiri aja tinawasiya masabata atatu tikuthirira nkuokeranso, mwai wake mbande zinali zambiri mu nazale. Kholo lija silinalakwe, linapereka ndi mtima wonse, kalata yathu ndi imene sinafotokoze. Pano ndimalemba kuti manyowa omwe akhala miyezi itatu kunja kwa khola, ndipo ngati ali atsopano bweretsanibe koma mutiuze. Komanso ndiwo zamasamba ana amazigwira ndi manja nkupita nazo kunyumba, ndiye ndowe zaziwisi pafupi ndi masamba si zabwino ku thanzi.

Madilamu anabwera atatu, limodzi tinalibweza mwaulemu chifukwa linkanunkha mafuta a galimoto ndipo mwini wake sankadziwa zomwe zinalowamo kale. Awiri enawo tinawatsuka nkuwapangira zivindikiro zomanga ndi waya, kuopa udzudzu komanso ana a giredi 1 omwe amasuzumira paliponse.

Koma pomwe dimba la sukulu limafera ndi pa holide, ndipo mukayenda mmasukulu temu yachitatu ikamayamba mudzaona mabedi ouma ndi mapesi a repu. Ogasiti ku Lusaka ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi, dothi limauma msanga, ndipo repu amene waokeredwa mu Juni nthawi imeneyo ndiye ali pakati pa kuthyoledwa. Pa makolo 14 omwe tinkafuna analembetsa 9 okha. Tinaonjezera aphunzitsi atatu okhala pafupi ndi ana akuluakulu a giredi 6 oyenda ndi kholo, sindinalole mwana kubwera yekha pa sukulu yopanda anthu. Ndandanda tinamata pa chitseko cha alonda, makeni ankasungidwa kwa alondawo, ndipo wothirira aliyense ankaloledwa kuthyola mpukutu umodzi wa repu tsiku lake, masamba akunsi okha kusiya amtima kuti apitirize kukula. Za mpukutuzi sindinalembe mu kalata ndipo ndikuona kuti ndikanalemba tikanapeza anthu 14 aja, si malipiro ai koma ndiwo ya tsiku limodzi mchaka cha njala ngati chija inali kanthu. Sabata yachiwiri malaiti anavuta masiku awiri otsatizana, thanki inauma, madilamu anatha, amai ena awiri anatunga zigubu za malita 20 ku kiyosiki ya madzi nkubwera nazo pamutu, ndipo tinagwirizana pa foni kuti athirire mabedi asanu ndi atatu okha omwe anali bwino, ena anai a tchayinizi omwe anali atayamba kale kutulutsa maluwa tinawasiya afe. Ndalama ya madziwo tinawabwezera kuchokera mu za repu ndipo zinalembedwa.

Titatsegulira temu yachitatu nsabwe za mmasamba zinali zitayamba, zija zotuwa zimaunjikana kunsi kwa tsamba nkulipinda, zimachuluka kukayamba kutentha. Tinkachotsa masamba ogwidwa kwambiri ndi kutsuka ena ndi madzi a sopo pang'ono madzulo, zinachepa koma sizinathe, ndiye kumapeto kwa Seputembala tinazula repu yense nkubzala chibwabwa, therere ndi bondwe za agogo zija, ndi kalembula yemwe amai ena anabweretsa zingwe zake.

Panali kalata yachitatu yomwe poyamba sindinaiganizire, apampando ndi amene anaumirira. Inali ya theka la tsamba, yothokoza ndi kunena zomwe zinalandiridwa, makasu 11, mapiki awiri, makeni atatu, madilamu awiri, zomwe zinabwezedwa, khasu lomwe linasowa ndi kugulidwanso, mabedi awiri omwe anapsa ndi manyowa, mipukutu yomwe ana anatenga ndi yomwe inagulitsidwa kwa aphunzitsi, ndalama yomwe inalowa ndi kumene inapita. Sitinalembe maina a opereka, chifukwa ukalemba opereka walembanso osapereka. Inapita kwa makolo onse 240, ndi omwe sanabweze kapepala omwe. Anthu anai omwe anabwereka makasu atalandira kalatayi anati asabwezedwe akhale a sukulu.

Kalata ya chaka chotsatira ndinaisintha malo atatu. Kuthirira kwa pa holide ndinakuika pamwamba penipeni pamodzi ndi mau a mpukutu wa ndiwo, manyowa ndinapempha temu yoyamba isanathe kuti awolere pa sukulu pompo Meyi asanafike, ndipo mzere wa mbeu za mmapaketi ndinauchotsa, chifukwa repu wotsala mbotolo titamuyesa pa kansalu anamera 17 pa 20.